Mmene ndinapezera kukula kwa batire yodulira nsonga ya magetsi pa nyumba yathu ya maofesi

Ndimayang'anira nyumba ya maofesi ya nsanjika zinayi pafupi ndi Ginnery Corner mu Blantyre muno. Bilu yathu ya ESCOM ili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. China ndi cha mayunitsi amene tagwiritsa ntchito, a kWh aja. Chinacho ndi cha kVA, ndipo chimawerengedwa pa nthawi imodzi yokha m'mwezi wonse imene nyumba inakoka magetsi ochuluka koposa. Ineyo nthawi imeneyi ndimaitcha nsonga. Mutha kusamala masiku 29, koma tsiku limodzi makina oziziritsa m'maofesi, chikepe ndi pampu ya madzi zikayakira pamodzi kwa theka la ola, mtengo wa mwezi wonse wakhazikika pomwepo. Eni nyumba atandifunsa ngati batire ingadule nsonga imeneyi, ndinawapempha kuti tisaitane wogulitsa aliyense ndisanaone zimene mita inalemba.

Bilu imangokuuzani kutalika kwa nsonga, siikuuzani kuti inakhala nthawi yaitali bwanji, pamene kukula kwa batire kumadalira kwambiri chachiwiricho. Mita yathu imasunga avareji ya kVA ya mphindi 30 zilizonse, ndiye ndinapempha zolemba za miyezi 12. Pa tsiku imakhala mizere 48, pa chaka 17,520. Musavomere za miyezi itatu yokha. Za Juni ndi Julayi zikanandinamiza, chifukwa nthawi ya chiperoni palibe amene amayatsa choziziritsa ndipo nsonga yathu imathera cha m'ma 120.

Nditatsegula mu Excel, ndinayamba ndachotsa mizere ya ziro ya nthawi imene magetsi anazima, kenaka ndinasanja kuyambira nambala yaikulu. Pamwamba panali 180 kVA, tsiku lina la mu Novembala. Ndinasankha mzere woti nyumba isamaudumphe, 140, n'kuyang'ana masana a tsikulo. Kuyambira 1 koloko mita inalemba 146, 158, 172, 180, 168, 150, kenaka inatsika pansi pa mzere. Zopitirira pa 140 zinali 6, 18, 32, 40, 28 ndi 10.

Manambala amenewa akupereka mayankho awiri osiyana. Yaikulu kwambiri, 40, ndi mphamvu imene invata iyenera kutulutsa pa kamodzi. Mukawaphatikiza onse mupeza 134, ndipo poti nambala iliyonse ndi ya theka la ola, mugawe pawiri: 67. Amenewa ndi magetsi amene batire iyenera kukhala itasunga. Kunena mosamala ndi kVA kuchulukitsa ndi maola, osati kWh, koma ndinawatenga ngati ofanana. Pa mzere uliwonse wa mu Excel, manambala a kVA ali mu kolamu B, ndinaika fomula iyi, n'kuphatikiza zotsatira tsiku ndi tsiku:

```
=MAX(0,B2-140)*0.5
```

Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene chinasintha zonse. Tsiku la 180 lija silinali tsiku lovuta kwambiri. Mu Okutobala munali tsiku limene nsonga inangofika 165, koma nyumba inakhala pamwamba pa 140 kwa maola asanu, kuyambira 11 koloko mpaka 4 koloko madzulo. Kunatentha kuyambira m'mawa, ndipo chipinda cha misonkhano chinali chodzaza tsiku lonse. Zopitirira za tsiku limenelo zinakwana 75 kWh. Ndikanagula batire poyang'ana tsiku la mu Novembala lokha, ikanathera panjira tsiku ngati limeneli, mita n'kulemba nambala yake ngati kuti batire kulibe. Nsonga yaitali koma yopyapyala ndi yotchipa kudula. Yaifupi koma yotakasuka ngati msana wa phiri ndi imene imadya ndalama.

Eni nyumba anandifunsa kuti, “Nanga bwanji osatsitsa mpaka 130, poti tayamba kale?” Ndinasintha nambala mu fomula pamaso pawo. Pa tsiku la mu Novembala lija, 67 inalumpha kufika pafupifupi 130 kWh, chifukwa pa 130 nyumba imakhala pamwamba pa mzere kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka poweruka. Kuti tipindule 10 kVA yokha tikanagula batire yowirikiza pafupifupi kawiri. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Ayi achimwene, tikhale pa 140 pomwepo.”

Komabe 75 si nambala yokagulira. Batire ya lithiyamu sitiikhetsa mpaka pansi, ndiye ndinawerengera kuti tizigwiritsa ntchito magawo 90 pa 100. Ena amatayika ngati kutentha podutsa mu invata, ndinasiya 95 pa 100. Komanso batire imakalamba, ndipo ndinafuna kuti izidzakwanitsabe ntchito ikadzatsala ndi magawo 80 pa 100 a mphamvu yake. Kugawa 75 ndi 0.9, kenaka ndi 0.95, kenaka ndi 0.8, kunandipatsa pafupifupi 110. Tinatenga ya 120 kWh ndi invata ya 50 kVA, kuti pa 40 paja pakhale mpata.

Phindu ndinaliwerenga mwezi ndi mwezi, osati 40 kuchulukitsa ndi 12 monga amachitira ena ofuna kukusangalatsani. Mu Juni mzere wa 140 sudula chilichonse. Kuti batire isangogona, mzerewo timautsitsa miyezi yozizira n'kuukwezanso ikamayandikira Sepitembala. Mtengo wa kVA imodzi tengani wa pa bilu yanu yatsopano, chifukwa MERA ikavomereza mitengo ina umasintha.

Mwezi wachiwiri titaika batire, bilu inabwera ndi 169. Mtima unandipweteka, chifukwa masamu ndinawachita ndekha ndipo anthu anatulutsa ndalama pokhulupirira ine. Ndinatsitsa zolemba za mita ndi za batire n'kuziika moyandikana, ndipo nkhani yonse inali pa tsiku limodzi. M'mawa mwake magetsi anazima maola atatu. Amene anatiikira makinawo anasiya batire kuti izinyamula nyumba magetsi akazima, ine osafunsa. Pofika masana inali itatsala ndi magawo 15 pa 100. Magetsi atabwera, zoziziritsa zonse zinayaka kamodzi m'maofesi otentha kale, pampu inayamba kudzaza thanki, nayo batire inayamba kudzitchaja ndi mphamvu yonse, kuwonjezera katundu pa nthawi imene inayenera kumuchepetsa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: pa mzere umene mita yalemba nambala yaikulu, yang'anani batire. Mukaipeza ili pansi kapena ikutchaja, vuto lingakhale malamulo amene inapatsidwa. Mukaipeza ikutulutsa mphamvu yake yonse koma mzere wa 140 n'kudumphidwabe, ndiye kuti invata ndi yaing'ono.

Tinakonza zinthu zitatu. Magetsi akazima, ntchito ndi ya jenereta, batire imangogwira kwa mphindi zochepa mpaka jenereta italira. Kutchaja masana kumaloledwa pokhapokha nyumba ili pansi pa mzere, ndipo kumatenga mpata wotsala wokhawo. Kutchaja kwenikweni kumayamba 10 koloko usiku pa 20 kW, ndipo pofika mbandakucha imakhala itadzaza. Zoziziritsa nazo tinaziika kuti magetsi akabwera ziziyaka nsanjika imodzi imodzi, motalikirana mphindi khumi, ndipo pampu imadikira ola lathunthu.

Mwezi wotsatira mita inalemba 143. Zitatu zapamwambazo ndinazitsata, ndipo ndinapeza kuti wotchi ya makina olamulira batire inali m'mbuyo ndi mphindi zinayi poyerekeza ndi ya mita, choncho theka la ola limene makinawo ankawerenga silinali limene mita inkawerenga. Tinalinganiza mawotchiwo, ndipo mzere wa m'makina ndinauika pa 136 kuti pa bilu pazituluka 140 kapena kucheperapo.