Mmene ndinawerengera mtengo wanga wa patsiku kuno ku Joni

Ine ndimajambula ndi kukonza mavidiyo pandekha, sindinalembedwe ntchito pena paliponse, ndiye kasitomala akafunsa kuti pa tsiku mumatchaja zingati pamafunika nambala yoti ikusunge chaka chonse osati mwezi umenewo okha. Ambirife timangotenga ndalama yomwe tikufuna pamwezi nkugawa ndi masiku 22 ngati munthu wa pa ofesi. R20,000 kugawa 22 ikubwera R909, basi munthu nkumati zatheka. Koma wa pa ofesi uja amalipidwa ngakhale pa holide, akadwala, ngakhale tsiku lomwe wangokhala palibe chochita, pomwe iwe tsiku lomwe sunagwire ndiye kuti palibe kanthu.

Ndinayambira pa ndalama yomwe ndikufuna itsale m'manja. Lendi, chakudya, fizi ya ana, yotumiza kumudzi pa Mukuru ndi kena kosunga, zonse pamodzi R20,000 pamwezi, pachaka R240,000. Kenako ndinawonjezera zomwe ntchitoyo imadya: data, thiransipoti, mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi, inshuwalansi ya kamera komanso kusungira laputopu ina poti iyi ili ndi tsiku lake lofera. Izi zinakwana R60,000.

Ndiye pali msonkho. Palibe bwana okudulira pa malipiro, umalipira wekha ku SARS kawiri pachaka, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Pa mitengo ya chaka cha msonkho cha 2025 amadula 18% mpaka pa R237,100, yopyola apo 26%, kenako amakuchotserako R17,235. Zowonongera pa ntchito zija sizidulidwa msonkho bola usunge malisiti. Kuti nditsale ndi R240,000 msonkho wake umabwera cha m'ma R36,000. Kuphatikiza zonse zitatu, mainivoisi anga a chaka ayenera kukwana R336,000.

Pa masiku ndi pomwe pagona nkhani. Chaka chili ndi masiku 365, kuchotsa mawikendi 104 atsala 261. Maholide a boma kuno alipo 12, atsala 249. Ndinachotsanso 20 a ulendo wa kumudzi, ndipo apa musanamizidwe, basi yokha kudutsa Beitbridge ndi Tete ikudyerani masiku awiri kupita awiri kubwera, mwinanso kuposa pa bodala pakakhala mzere, komanso makampani ambiri kuno amatseka pakati pa Disembala nkudzatsegula Januwale ali mkati ndiye olo usapite kwanu ntchito imakhala kulibe. Kudwala ndi maliro ndinaika 9. Atsala 220.

Koma 220 amenewa si onse omwe wina angakulipire ayi. Pali masiku olemba makotesheni omwe ena sayankhidwa nkomwe, okumana ndi kasitomala ku Sandton theka la tsiku nkuthera mu msewu, othamangitsa anthu omwe sakulipira, okonzetsa zipangizo, ndi ena ongokhala foni ili zii. Apa sindinalote, ndinatsegula mainivoisi a chaka chatha nkuwerenga masiku omwe ndinalipidwadi, ndipo ndinapeza kuti pafupifupi 60 amapita choncho. Otsala ndi 160, kutanthauza masiku 13 kapena 14 pamwezi.

R336,000 kugawa 160 ikubwera R2,100 pa tsiku. Tsopano bwererani ku R909 ija, muichulukitse ndi 160, ndi R145,000 yokha, muchotse R60,000 ya zipangizo ndi thiransipoti, mutsala ndi cha m'ma R7,000 pamwezi pomwe mumaganiza kuti mukugwirira R20,000. Nchifukwa chake ena timaoneka otanganidwa chaka chonse koma ikafika Disembala ya tikiti ya basi ikusowa.

Ngati mwangoyamba kumene musakopere 160 yangayi. Makasitomala akakhala ochepa mwina mupeza masiku 120, ndiye mtengo ukuyenera kukhala R2,800, ndipo vuto ndi loti watsopanoyo ndi yemwe anthu safuna kumupatsa ndalama yotero. Ndinafunsa anzanga a ntchito yomweyi kuti amatchaja zingati kuti ndione ngati R2,100 ikulowa. Akanati msika ukuthera pa R1,800 ndikanafunika masiku 187, ndiye umasankha wekha, kusaka masiku ena 27 kapena kutsitsa R20,000 ija.

Pa kotesheni ndimalemba kuti tsiku ndi maola 8, opitirira apo amalipidwa padera. Theka la tsiku ndimatchaja R1,300 osati R1,050, chifukwa ukapita ku Midrand m'mawa madzulo ake sungawagulitsenso kwa wina. Ofuna kunditenga mwezi wathunthu ndimamutsitsirako pang'ono poti wandichotsera masiku osaka ntchito aja, koma wa tsiku limodzi akayamba zoti achimwene tithandizane ndife a kumodzi, ndimangomuuza kuti ndi R2,100 ndipo theka alipiriretu.