Malipiro alembeni pachidziwitso pomwepo

Wolandira alendo pakiliniki yathu kuno ku Mangochi tamupeza, koma Lachiwiri lathunthu linapita pachabe chifukwa cha mzere umodzi wa pachidziwitso cholengeza ntchitoyo. Abwana anati pa malipiro ndingolemba kuti "tidzakambirana", ine n'kumvera. Makalata anadzaza katoni. Tinaitana anthu asanu ndi mmodzi ku intavyu, ndipo anayi atangomva K250,000 anathokoza mwaulemu n'kunyamuka. Wina wochokera ku Lilongwe anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Nanga thiransipoti yanga abweza ndani?" Ndinangoyang'ana pansi. Ndalama ya kunyuzipepala inali italowa m'madzi, ndipo tinakalipiranso kachiwiri.

Ulendo wachiwiriwo ndinalemba K250,000 pamwezi, n'kunena poyera kuti imeneyi ndi ndalama asanadule msonkho wa PAYE ndi penshoni. Pa penshoni wantchito amadulidwa 5 peresenti, apa ndiye K12,500, olemba ntchito n'kuikapo 10 peresenti. Mukabisa zimenezi, mwezi woyamba ukatha munthu amabwera ndi pepala la malipiro m'manja, nkhope itagwa, akuti mwamubera.

Za zilankhulo ndinalakwitsanso poyamba paja. Ndinalemba Chingerezi ndi Chichewa basi, chonsecho agogo ambiri obwera m'mawa kuchokera kumidzi amafotokoza matenda awo m'Chiyao. Ndiye ndinasiyanitsa: Chingerezi cholemba ndi kuyankhira foni, Chichewa ndi Chiyao cholankhula. Kulemba Chiyao sitinakufune. Ndinaonjezanso kuti tidzayesa pa intavyu, ndipo tinayesadi. Namwino wathu anakhala ngati wodwala wofuna kusintha tsiku lobweranso, ndipo mnyamata wina amene analemba kuti Chiyao amachidziwa bwino anathera pa moni.

Pa ntchito zake musalembe zoti "ndi zina zonse zimene angatumidwe". Mawu amenewo ndi amene anathawitsa mtsikana tinali naye kale, anapezeka akukolopa ndi kuphika tiyi. Ine ndinatchula chimodzichimodzi: kuyankha foni, kulemba odwala m'kaundula ndi pakompyuta, kulandira ndalama pamanja ndi za Airtel Money kapena Mpamba, kulemba malisiti, ndi kuwerengera ndalamazo madzulo pamodzi ndi akauntanti. Zogwira ndalamazi zitchuleni ndithu, pali anthu sazifuna.

Ndimaiwala za maola. Timagwira Loweruka mpaka masana, ndipo ndinalemba choncho, maola onse osapitirira 48 pasabata monga lamulo la ntchito likunenera. Mayi wina anaimba foni kunena kuti amapemphera Loweruka, sabwera. Zinatipepukira tonse, iye sanawononge thiransipoti, ife sitinataye nthawi.

Maphunziro ndinangoti MSCE ndi kudziwa kompyuta. Makalata anabwera ochepa, onse a anthu oti ndalamayo anaiona asanalembe. Abwana mpaka lero akudandaula kuti makiliniki anzathu adziwa zimene timalipira. Ndinawauza kuti, "Bwana, anayi aja anawauza kalekale."