Kuchoka pa mapoto kufika pa mitu ya mkuwa: mbiri ya bizinesi yathu

Mwezi uno takhoma malata pa shedi yathu yatsopano kuno ku Ndirande, ndipo ng'anjo yathu, yomwe dzinja lililonse tinkaifunditsa pepala la pulasitiki, tsopano ili m'nyumba. Ambiri a inu munatidziwa tikuumba mapoto a aluminiyamu pamchenga. Lero tikupanga mabelu, zikwangwani za pamanda ndi mitu ya anthu ya mkuwa, ndipo pafupifupi kasitomala aliyense amafunsa mafunso awiri omwewo: n'chifukwa chiyani mutu umodzi umatenga miyezi iwiri, nanga mtengo wake umakwereranji chonchi? Yankho lake lili m'njira imene timagwiritsa ntchito. Si yathu ayi, ndi ya amisiri akale a m'mizinda ya Ife ndi Benin, m'dziko lomwe pano ndi Nigeria.

Mchenga ndi wabwino pa poto, chifukwa poto wachitsanzo umamuzula bwinobwino n'kusiya malo ake. Koma nkhope ya munthu ili ndi khutu lopindika, mphuno zoboola ndi milomo yolowa mkati. Ukaikwirira mumchenga n'kuizula, imagumula zonse. Pamafunika chitsanzo chotuluka m'chikombole popanda kuchikoka, ndipo chinthu chotere ndi phula la njuchi: ukalitenthetsa limasungunuka n'kutuluka lokha, kusiya mphako yofanana nalo ndendende.

Mu 1938, anthu akukumba maziko a nyumba pamalo otchedwa Wunmonije mumzinda wa Ife, anapeza mitu ya mkuwa yoposa khumi, yambiri yaikulu ngati mutu wa munthu weniweni. Inapangidwa cha m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400. Nditaona zithunzi zake koyamba, chomwe chinandigwira mtima ndi mizere. Pa nkhope zingapo pali timizere tating'ono ngati mphini, toyandikana, totsika kuchokera pamphumi, kutsata tsaya mpaka kuchibwano, osasokonekera. Mozungulira pakamwa ndi m'mphepete mwa tsitsi muli timabowo tomangirirapo zokongoletsa. Mjeremani wina, Leo Frobenius, ataona mutu wamtunduwu mu 1910 anakana kuti Ayoruba, eni dera la Ife, angaupange okha, mpaka anapeka zoti ndi ntchito ya anthu a ku Atlantis, chilumba cha m'nthano chomwe amati chinamira m'nyanja. Akanakhala pansi tsiku limodzi ndi munthu woumba phula sakanavutika chonchi. Mizere ija saigoba pa mkuwa. Amailemba pa phula lofewa ndi kamtengo kosongoka, ndipo mkuwa umangotengera zomwe wapeza.

Ntchito imayamba ndi mutu wa dongo, umene timautcha mtima. Timauumba wocheperako pang'ono kuposa mutu womwe tikufuna, wopanda zokongoletsa. Dongo lake silikhala loyera: timasakaniza ndi makala osinja, ndowe ya ng'ombe ndi mankhusu a mpunga. Zimenezi zikapsa pamoto zimasiya timipata todutsa mpweya, komanso mtimawo umakhala wofumbutuka, moti mkuwa ukamazizira n'kumafinyika umaupana osang'ambika. Ukauma, timaukuta ndi phula lopyapyala, lokhuthala mamilimita 3 kapena 4 paliponse. Apa ndiye pagona luso lonse. Pomwe pali phula ndi pomwe padzakhale mkuwa, ndiye diso, chikope, khwinya la pakhosi, ngakhale chidindo cha chala chako ukaiwala kuchisalaza, zonse zidzatuluka.

Tikamaliza nkhope timabaya timisomali tachitsulo kudutsa phula kulowa mumtima, mitu yake n'kutsala kunja. Anthu obwera kudzaonerera amadabwa kuti tikuonongeranji ntchito yokongola. Koma taganizani: phula likadzatuluka, mtima udzatsala ukulendewera mkati mwa chikombole, ndipo chougwira kuti usagwere mbali imodzi ndi misomali imeneyi. Kenako timamata timizati ta phula, tina todzakhala njira zolowera mkuwa, tina zotulukira mpweya. Ife timathira mutu uli chadodolido, mkuwa n'kulowera kukhosi, kuti zoipa zoyandama zitsalire kumtunda, kutali ndi nkhope.

Dongo loyamba kukhudza phula ndi lomwe limasiyanitsa ntchito yabwino ndi yachabe. Timalisefa pansalu, kulisakaniza ndi fumbi la makala, n'kulisungunula likhale lamadzimadzi ngati phala la mwana. Timapaka ndi nthenga kapena kaburashi kofewa, kuonetsetsa kuti lalowa mumzere uliwonse popanda kutsekera thovu la mpweya, chifukwa thovu lililonse lidzasanduka kanjerewere ka mkuwa pankhope. Likauma timapakanso, kenako n'kumawonjezera dongo lokhakhala la ndowe ndi mankhusu mpaka chikombole chikhuthale, n'kuchimanga ndi waya. Chilichonse chiyenera kuuma pamthunzi chisanalandire chinzake. Miyezi iwiri ija, mbali yaikulu imathera pa kudikira kumeneku, ndipo nthawi ya mvula imaposa pamenepo.

Phula limasungunuka msanga, pa madigiri 63 okha, ndiye moto wochepa umakwana kulitulutsa. Koma chikombolecho timapitiriza kuchiotcha mpaka chifiire, utsi wonse uleke ndipo pakamwa pake payere. Chikatsala ndi chinyezi ngakhale pang'ono, mkuwa ukangolowa madziwo amasanduka nthunzi, mkuwa n'kumabwata kapena kulavukira kunja, ndipo mutu umatuluka ndi timabowo tambirimbiri. Timathira chikombole chikadali chotentha, chokwiriridwa m'dothi mpaka m'khosi, ndipo timathira kamodzi kokha osadukiza. Ukaima pakati, mkuwa woyamba umayamba kugwira, wachiwiri sulumikizana nawo, ndipo pamatsala mzere ngati mng'alu.

Kuchuluka kwa mkuwa sitichita kulota. Timayeza phula lonse tisanaumbe, ndi lotsala tikamaliza. Mkuwa wachikasu umalemera pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa phula lofanana nawo kukula, ndiye timachulukitsa kakhumi kuti wina utsale m'njira. Mutu womwe wadya magalamu 600 a phula umafuna makilogalamu 6 a mkuwa. Mmisiri wamantha akakhuthalitsa phula kawiri, mutu womwewo umadya makilogalamu 12, ndipo wolipira ndi inuyo. N'chifukwa chake ine ndikaona mutu wa mkuwa ndimayamba kusuzumira mkati mwa khosi. Mitu yakale kwambiri ya ku Benin ndi yopyapyala zedi. Ya m'zaka zapambuyo, pamene amalonda a Chipwitikizi ndi ena ankabweretsa zibangili zambiri za mkuwa zotchedwa manila, inakhala yaitali, yokhuthala ndi yolemera, yokhala ndi bowo pamwamba poimikapo nyanga ya njovu paguwa la mfumu yomwalira. Ndi yochititsa kaso ndithu, koma kwa ine woumba, yopyapyala ija ndi imene imandichotsa chipewa, chifukwa mkuwa woyenda mumpata wopapatiza umazizira msanga ndipo ungaime usanafike kukhutu.

A ku Ife anapitirira pamenepo. Mitu yambiri ndi ya mkuwa wosakaniza ndi zinki ndi mtovu, womwe umasungunuka pa madigiri pafupifupi 900 ndipo umayenda bwino. Koma ina, kuphatikizapo chigoba cha nkhope chotchedwa cha Obalufon, mfumu yakale ya ku Ife, ndi ya mkuwa wofiira pafupifupi wokhawokha. Umenewu umafuna madigiri 1,085, umamwa mpweya ukasungunuka, ndipo umagwira msanga. Iwo anakwanitsa ndi makala ndi mivukuto yapamanja. Ife tili ndi chopemerera cha magetsi, koma mkuwa wofiira wokhawokha sitiulandira pa oda ya nkhope.

Nthawi yowawa kwambiri pa bizinesi yathu inabwera ndi oda yathu yoyamba yaikulu. Banja lina linafuna mutu wa agogo awo omwe anali mphunzitsi wamkulu, kuti auvundukule pa tsiku loika mwala pamanda. Ndalama ya mkuwa tinakongola. Tinagula thumba la mipope yakutha kwa wogulitsa zitsulo wina yemwe analumbira kuti ndi mkuwa wokhawokha, koma pansi pa thumba anaikamo zidutswa za aluminiyamu ndi zina zongopakidwa mtundu wachikasu. Aluminiyamu wochepa chabe akalowa mu mkuwa amapanga kachikopa pamwamba, ndipo kachikopako kamapindikira mkati pothira. Titaswa chikombole, nkhope ya agogo inatuluka yotuwa, yamakwinya omwe sitinawaumbe, tsaya limodzi lili ndi mabowo. Ndipo m'njira imeneyi mulibe kubwereza: phula linapita, chikombole tinaswa, ntchito ya milungu yonse ija inathera pomwepo. Wotikongoza uja, yemwe potipatsa ndalama ankatitcha ana ake, anafika ndi anyamata awiri kudzanyamula chopemerera chathu tsiku lobweza lisanakwane n'komwe. Bambo inu, ngati mukuwerenga, chiwongoladzanja chanu tinamaliza, ndipo chopemerera tinagula china chachikulu. Wa zitsulo uja amadutsabe pano ndi wilibala yake. Timapatsana moni basi.

Banja lija linasuntha mwambo wawo n'kutilola kuumbanso. Kuyambira pamenepo chidutswa chilichonse chimadutsa pa maginito kuti tichotse chitsulo, kenako pa tupa kuti tione ngati mkati mwake ndi mwachikasu. Chopepuka m'manja kapena choyera mkati chimapita ku mulu wa mapoto.

Tikuthokoza banja limeneli, lomwe linatikhulupirira pamene ife tomwe tinali titafooka. Tikuthokoza amayi a banki mkhonde ya kwathu kuno, omwe anatibwereka ndalama yoyambiranso popanda kufunsa chikole china koma mawu athu. Zikomo alimi a njuchi a ku Mulanje omwe amatisungira phula losefa bwino, losasakaniza ndi kandulo. Amayi oumba mbiya omwe anatilozera dambo la dongo losang'ambika pamoto. Abusa ndi akuluampingo omwe anagula mabelu athu oyamba n'kuuza anzawo. Anansi omwe apirira utsi ndi phokoso la hamala m'mamawa. Komanso mayi a kunyumba kwanga, omwe anagulitsa mandasi kudyetsa banja miyezi yomwe ng'anjo inali yozizira. Anyamata anga awiri a pa ng'anjo, inu mukudziwa zipsera zomwe tili nazo.

Tsopano shedi ilipo, tikulandira maoda ngakhale nthawi ya mvula. Ofuna mutu wa kholo lanu, mfumu kapena woyambitsa sukulu, bweretsani zithunzi zitatu: chakumaso, cham'mbali ndi china chomwe akuoneka mmene mumawakumbukirira. Theka la ndalama mumapereka poyamba, la mkuwa ndi makala. Nkhope ya phula ikatha timakuitanani, mubwere ndi achibale omwe ankawadziwa bwino, chifukwa tsiku limenelo mphuno tingaikonze ndi chala, koma dongo likangopakidwa palibenso chosintha. Amene muli ndi mipope yakutha, maloko akale kapena mavavu a mkuwa, bwerani nazo. Tikaziyesa n'kupezeka zabwino timachotsera pa mtengo. Mabelu ang'onoang'ono ndi zikwangwani za mayina zilipo kale zoti muone, Lolemba mpaka Loweruka.