Mmene tinatulukira m'ngongole zitatu

Usiku wina ine ndi mayi akunyumba tinatenga kope la mwana n'kulemba ndalama zonse zolowa ndi zotuluka. Malipiro anga kuphatikiza phindu la usipa umene iwo amagulitsa pamsika wa Kamuzu Rodi kuno ku Salima zimakwana K450,000 pamwezi. Lendi, chakudya, makala, magetsi ndi za sukulu zimadya K330,000. Yotsala yobwezera ngongole inali K120,000.

Ngongole zinali zitatu. Paokala ya amayi oyandikana nawo tinali ndi K60,000, yopanda chiwongoladzanja. Kubanki m'khonde inali K100,000, yobereka K10,000 pamwezi. Yosowetsa tulo inali ya katapila, K200,000, yobereka K40,000. Choncho K50,000 imapita ku chiwongoladzanja chokha, ndipo yochepetsera ngongole yeniyeniyo imatsala K70,000.

Ine ndimafuna njira imene amati sinobolo: kuyamba ndi ngongole yaing'ono, ikatha n'kupita pa yotsatira. Ndinali nditatopa kuzungulira kuseri kwa nyumba pothawa maso a amayi a paokala aja. Mwanjira imeneyi okala ikanatha mwezi woyamba womwewo, banki m'khonde mwezi wachitatu. Koma miyezi itatu yonseyo katapila akanangolandira K40,000 yake yathunthu. Titawonkhetsa, chiwongoladzanja chinafika K178,896, ngongole n'kutha mwezi wachisanu.

Mayi akunyumba anakana. "Bambo, amene akutidya si amayi a paokala ayi. Tiyambe ndi katapilayu." Imeneyi ndi njira ya avalanchi, yoyamba ndi ngongole yobereka kwambiri. Mwezi woyamba K70,000 yonse ikapita kwa katapila, imatsala K130,000, ndipo chiwongoladzanja chake chimatsika kufika K26,000. Mwezi wachiwiri yochepetsera imakwera kufika K84,000, n'kutsala K46,000 yokha. Wachitatu katapila watha, banki m'khonde yatsika kufika K45,200. Wachinayi zonse zatha, okala yomwe. Chiwongoladzanja chonse ndi K109,720. Kusiyana kwake ndi K69,176, kuposa lendi yathu ya mwezi.

Tinasankha avalanchi, koma panali zinthu ziwiri zoti tikonze kaye. Katapila wathu amafuna chiwongoladzanja chokha kapena ndalama yonse pakamodzi, ndipo akanapanda kuvomera kulandira pang'onopang'ono, masamu onsewa akanagwa. Ndinapita ndi mboni, anavomera, ndipo mwezi uliwonse amasaina m'kope mwathu pansi pa ndalama yotsala.

Chachiwiri ndicho chinandilemera. Ndinapita paokala ndi kope lomwelo n'kunena kuti, "Amayi, ndalama yanu tidzapereka mwezi wachinayi, ndipo kuyambira lero tizigula ndi ndalama m'manja." Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali ali chete, kenako anatsegula buku lawo la ngongole n'kulemba tsikulo pambali pa dzina langa.