Matambala 4 tinawasiya, K10 tinaikana

Sabata yathayi tinali kukonza mabuku a chaka cha 2024 a holoselo ina ku Limbe, oditala asanabwere. Mwini wake ali ndi lamulo lake lakale: kusiyana kulikonse kosafika K100 kukhululukidwe, kulembedwe kuti ndi za kuraunda. Ine lamulo limeneli sindigwirizana nalo, chifukwa limangoyang'ana kuchepa kwa ndalama, osafunsa kumene kusiyanako kwachokera.

Lolemba mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ife anabwera ndi inivoisi yomwe VAT yake sinkagwirizana ndi ya pa Excel. Inali ndi mizere 10, uliwonse wa K1,099.90, ndipo VAT chaka chimenecho inali 16.5 peresenti. Makina a pakauntala amawerengera mzere uliwonse paokha: amapeza K181.4835, n'kuraunda kukhala K181.48, ndiye mizere yonse imapereka K1,814.80. Iye anayamba waphatikiza zonse kukhala K10,999.00, kenako n'kuwerengera VAT, n'kupeza K1,814.84. Kusiyana matambala 4, ndalama yoti ngakhale chenji yake simungaipeze mumsika.

Ndinamuuza kuti palibe walakwa. Kuraunda kamodzi sikungasunthe nambala kuposa theka la tambala, choncho mizere 10 ingasiyanitse zinthu ndi matambala pafupifupi 5 basi. Malire amachokera pamenepo: werengani kuti mwaraunda kangati, muchulukitse ndi theka la tambala. Inivoisi ya mzere umodzi ikasiyana ndi matambala 4 omwewo, pamenepo pali vuto.

Lachitatu ndiye panali ntchito. VAT ya mwezi wa Malichi, ya mizere pafupifupi 6,000, inali yochepera ndi K29 poyerekeza ndi imene tinawerengera kuchokera pa malonda onse. Malire athu pamizere imeneyi ndi K30, ndiye mtsikana uja anasangalala: "Amayi, iyi ili mkati, tiisiye?" Ndinati ayembekeze. Kuraunda kwenikweni kumapita mbali ziwiri, mzere wina umakwera pang'ono, wina umatsika, ndipo pamizere yochuluka ya mitengo yosiyanasiyana zambiri zimafafanizana. Kuti mufike pafupi ndi K30 pafunika kuti pafupifupi mzere uliwonse utsikire mbali imodzi. Tinayang'ana miyezi ina, ndipo yonse inali yochepera, panalibe ndi umodzi womwe wopitirira.

Chifukwa chake tinachipeza mu pepala la Excel limene amakonzera lipoti la ku MRA. Amene analikonza analemba fomula yoyambayi m'malo mwa yachiwiri:

```
=ROUNDDOWN(D2*0.165,2)
=ROUND(D2*0.165,2)
```

Yoyambayo siiraunda, imangodula manambala otsala n'kutaya. Mzere ukhoza kutaya mpaka pafupifupi tambala yathunthu, ndipo mukagawa mofanana mzere uliwonse umataya theka la tambala, zomwe pamizere 6,000 zimabwera pafupi ndi K30 ija. Ndalamayo ndi yochepa, inde, koma ndi cholakwika chobwerezeka mwezi ndi mwezi, ndipo oditala akangoona kuti zonse zikupendekera mbali imodzi amayamba kukayikira pepala lonselo.

Lachinayi tinakangana pang'ono ndi mwini wake pa K10. Buku lathu la ndalama linali lotsika ndi K10 poyerekeza ndi sitetimenti ya kubanki. "Mayi, mukufuna ndikulipireni tsiku lathunthu chifukwa cha K10?" anatero. Ndinati, "Bwana, apa palibe chimene tachulukitsa kapena kugawa. Banki yalemba nambala, ife takopera nambala. Kuraunda kulowera pati?" Pa ntchito yofananitsa buku ndi banki malire anga ndi ziro.

Tinadutsa mzere ndi mzere. Kasitomala wina anaika K86,400 koma m'buku munalembedwa K84,600. Manambala awiri anasinthana malo, buku n'kutsika ndi K1,800. Chizindikiro cha kulakwitsa kotere n'chakuti kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala, koma apa sichinaoneke chifukwa panalinso china: ndalama zimene banki inadula, K1,790, sizinalembedwe konse, zomwe zinakweza bukulo. Zolakwika ziwirizi zinaphimbana n'kutsala K10. Tikanaikhululukira, kasitomala uja akanapitiriza kuoneka ngati ali ndi ngongole ya K1,800 imene analipira kalekale.

Lachisanu ndinawalembera tsamba limodzi loti azitsatira. Pa inivoisi, theka la tambala pa mzere uliwonse. Pa lipoti la mwezi, kusiyana kukapendekera mbali imodzi miyezi itatu yotsatizana kufufuzidwe ngakhale kuchepe bwanji. Zimene zaloledwa zizilembedwa mu akaunti yakeyake ya kuraunda, kuti pakutha pa chaka tione ngati ikuzungulira pafupi ndi ziro kapena ikungokula. Bwana anasaina, koma K100 yawo anaisunga pa ndalama za m'kabati ya pakauntala, ati chifukwa cha vuto la chenji. Pamenepo sindinawatsutse, bola wapakauntala azilemba tsiku lililonse kuti zaperewera kapena zapitirira ndi zingati.