Lachitatu, ndipo tulo sitikubwera

Funso la mnzanga lija landikakamira. Tinali pamzere wa chipisi madzulo ano pamene anandiuza mosabisa kuti asayimenti ya belo, yomwe tikupereka Lachisanu, wamulembera ndi ChatGPT. Ndisanayasamule n'komwe anandiphera pakamwa: "Aise, iwenso umaigwiritsa ntchito usiku uliwonse. Kusiyana kwake kuli pati?"

Zoona ndimaigwiritsa ntchito. Ndimapeka nkhani yangayanga, ya munthu wogwidwa ndi mbuzi yakuba Lachisanu masana, makinawo n'kukhala ngati majisitireti, ine loya wopempha belo. Ndimayankha mokweza, buku lili chotseka, kenaka n'kutsegula malamulo aakulu a dziko kuti ndione pamene ndanama. Umu ndi momwe ndinadzigwirira sabata yatha. Ndinkalimbikira zoti apolisi aphwanya gawo 42(2)(b) chifukwa maola 48 adutsa munthu asanaonekere kukhoti. Koma gawolo limapitiriza kunena kuti maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, munthuyo apite naye pa tsiku loyamba la khoti lotsatira. Wanga uja maola ake akuthera Lamulungu, ndiye kumutengera kukhoti Lolemba si mlandu. Ndinachita manyazi ndekha m'chipinda, koma mfundoyo sindidzaiwalanso.

Funso la asayimenti lenilenilo sindinalilowetsemo. Malikisi aja amanena kuti mutu wa mwini dzina ukhoza kutenga nkhani, kupeza lamulo, n'kuligwiritsa ntchito. Ngati waganiza ndi wina, dzina lili pamwamba pa pepalalo likunama, ngakhale yankho likhale lolondola.

Ndinamupempha mnzanga uja kuti andionetse asayimenti yakeyo pafoni. Chingerezi chake chosalala, koma panali mlandu wina womwe sindinaumvepo, ndipo pa MalawiLII, webusaiti yosunga zigamulo za makhoti ndi malamulo a Malawi, sitinaupeze. Ndinamukumbutsa za maloya a ku New York aja, pa mlandu wa Mata ndi Avianca mu 2023, omwe anapereka kukhoti milandu yopekedwa ndi ChatGPT n'kulipitsidwa madola 5,000. Iye anangoseka, ati mlanduwo auchotsa basi. Nanga aphunzitsi akamufunsa chifukwa chimene gawo 42(2)(e) limalolera khoti kukana belo pofuna chilungamo, adzaloza chiyani?

Chimene chikundisowetsa mtendere n'choti anandibaya pena pake. Mfundo ya Lolemba ija ikulowa mu asayimenti yanga, ndipo ndinafika nayo pamenepo chifukwa cha masewero omwe aja. Ndimadziuza kuti n'chimodzimodzi kukambirana m'gulu, poti lamulolo ndinawerenga ndekha ndipo ndikhoza kulifotokoza foni ili m'thumba. Komabe nkhani ya mbuzi ndinaipeka nditawerenga kale funso la aphunzitsi, ndipo ndikaziyang'ana bwinobwino zikufanana kuposa momwe ndikanafunira.

Mawa ndikawafunse aphunzitsi ngati ndiyenera kulemba pansi pake kuti ndinayeserera motere. Za mnzangayo sindikawauza, kaya n'kukoma mtima kaya ndi mantha. Magetsi angozima, ndipo ndime yachitatu sindinaimalize.