Sabata yowonkhetsa malikisi: pamene magawo atatu a phunziro sakulemera mofanana

Phunziro limene ndimaphunzitsa ku koleji lili ndi magawo atatu oyesera ophunzira, ndipo gawo lililonse lili ndi kulemera kwake kumene tinalemba pa pepala la ndondomeko tsiku loyamba la teremu. Ntchito za m'kalasi ndi za kunyumba zimatenga maperesenti 20, mayeso a pakati pa teremu amatenga maperesenti 30, ndipo mayeso omaliza amatenga maperesenti 50. Sabata yathayi inali yowonkhetsa magawo atatuwa kuti wophunzira aliyense akhale ndi nambala imodzi yosonyeza mmene wachitira. Malire okhozera ndi malikisi 50, choncho kulakwitsa kwakung'ono powonkhetsa kungathe kubwezera munthu m'mbuyo popanda chifukwa.

Lolemba linatha ndi kulowetsa malikisi mu tebulo la pa kompyuta. Chimene wowerenga ayenera kusunga m'mutu ndi chakuti mapepala atatuwa sanachongedwe pa nambala imodzi: ntchito za m'kalasi tinachonga pa malikisi 50, mayeso a pakati pa teremu pa malikisi 40, ndipo mayeso omaliza pa malikisi 100. Palibe cholakwika ndi zimenezi, pakuti wokonza mayeso amasankha malikisi molingana ndi kuchuluka kwa mafunso ake. Chimene sichiyenera kusokonezedwa ndi kusiyana kwa malikisi amene pepala lachongedwera ndi kulemera kwa pepalalo pa zotsatira zonse. Mayeso a pakati pa teremu ali ndi malikisi ochepa kuposa ntchito za m'kalasi, komabe amalemera kuposa ntchitozo.

Lachiwiri m'mawa, mnzanga amene amandithandiza kuchonga ananditumizira tebulo lake ataika kale fomula yowonkhetsera, ndipo anali ndi nkhawa chifukwa dzina ndi dzina linkaoneka kuti lalephera. Fomula yake, mmene B2 ndi malikisi a ntchito za m'kalasi, C2 a mayeso a pakati ndipo D2 a mayeso omaliza, inali iyi:

```
=B2*0.2+C2*0.3+D2*0.5
```

Pongoiona, fomulayi imaoneka yolondola, chifukwa maperesenti onse atatu alimo ndipo akaphatikizidwa amakwana 100. Vuto lake ndi lakuti inkachulukitsa malikisi monga analembedwera pa mapepala, asanasinthidwe kukhala maperesenti. Tinatenga wophunzira mmodzi amene anapeza 45 pa 50 m'ntchito za m'kalasi, 28 pa 40 pa mayeso a pakati, ndi 44 pa 100 pa mayeso omaliza. Fomula ija inamupatsa 9, kenako 8.4, kenako 22, zonse pamodzi 39.4, ndipo motero anaoneka ngati walephera kutalitali.

Njira yoyenera imayamba ndi kufunsa kuti wophunzirayo watenga gawo lanji la malikisi a pepala lililonse. Malikisi 45 pa 50 ndi maperesenti 90, choncho pa malikisi 20 amene ntchito za m'kalasi zimapereka, iye akutengapo 18. Malikisi 28 pa 40 ndi maperesenti 70, ndipo maperesenti 70 a malikisi 30 ndi 21. Mayeso omaliza, popeza anachongedwa pa 100, amamupatsa maperesenti 44 a malikisi 50, amene ndi 22. Tikaphatikiza 18, 21 ndi 22 timapeza 61, ndipo wophunzirayo wakhoza bwinobwino. Fomula imene imachita zimenezi ndi iyi:

```
=B2/50*20+C2/40*30+D2/100*50
```

Mnzangayo anafunsa funso labwino, lakuti akanadziwa bwanji yekha kuti fomula yake yasokonekera, pamene kompyuta sinasonyeze cholakwika chilichonse. Pali njira ziwiri zimene ndimazidalira, ndipo zonse sizitenga nthawi. Yoyamba ndi kuika pamwamba pa tebulo mzere wa wophunzira wongoyerekeza amene wapeza malikisi onse pa pepala lililonse, ndiye kuti 50, 40 ndi 100. Fomula yolondola iyenera kumupatsa 100 ndendende. Titayesa ndi fomula yakale ija inatulutsa 72, kusonyeza kuti ngakhale wophunzira wosalakwitsa funso limodzi akanataya malikisi 28 mu tebulomo. Njira yachiwiri ndi kukumbukira kuti avareji ya mtundu umenewu singatsike kupitirira peresenti yotsikitsitsa ya wophunzirayo, ndiponso singakwere kupitirira yokwera kwambiri. Maperesenti a wophunzira wathu anali 90, 70 ndi 44, choncho yankho lililonse loona liyenera kugwera pakati pa 44 ndi 90. Nambala ya 39.4 inali kunja kwa malire amenewa, ndipo chimenecho chokha chinali chokwanira kuimitsa ntchito ndi kuyang'ananso.

Lachitatu ophunzira analoledwa kuona mapepala awo, ndipo wophunzira yemwe uja anabwera ku ofesi atawerengera kale yekha. Anati, "Aphunzitsi, ine ndapeza 68, nanga 61 yachokera kuti?" Iye anasintha bwino malikisi ake kukhala maperesenti, koma anaphatikiza 90, 70 ndi 44 n'kupeza 204, kenako anagawa ndi 3. Masamu ake analibe cholakwika, kungoti kugawa ndi 3 kumatanthauza kuti pepala lililonse likulemera mofanana, pafupifupi maperesenti 33, zimene si zimene tinagwirizana. Ndinamuonetsa kuti gawo limene anachita bwino kwambiri ndi limene limalemera pang'ono, pamene limene anafooka ndi limene latenga theka la zotsatira zonse, ndipo n'chifukwa chake nambala yake inakokedwera pansi ndi malikisi 7. Zinthu zikanakhala mosemphana, kuti wapeza maperesenti 44 m'ntchito za m'kalasi ndi maperesenti 90 pa mayeso omaliza, akanapeza 8.8, 21 ndi 45, zonse pamodzi 74.8, ngakhale kuti avareji wamba ikanakhalabe 68. Chitsanzo chachiwirichi ndicho chinamutsegula maso, chifukwa anaona kuti kulemera kwa magawo sikulanga munthu nthawi zonse, koma kumangotsatira kumene malikisi ake agwera.

Ine ndimaona kuti chisokonezo chimenechi tingachichepetse ife aphunzitsi ngati tingamabweze mapepala tikulembapo nambala ziwiri, malikisi a pepalalo ndi malikisi amene pepalalo lasonkha ku zotsatira zonse. Wophunzira amene waona "45 pa 50, ndiye kuti 18 pa 20" kumayambiriro kwa teremu sadzafika kumapeto akuganiza kuti ntchito za m'kalasi zokha zimunyamula.

Nkhani ya Lachinayi inali ya wophunzira wina amene anadwala nthawi ya mayeso omaliza ndipo analoledwa kudzalemba mtsogolo. Bokosi lake la mayeso omaliza linali lopanda kanthu, koma fomula yowonkhetsa ngati yathuyi imawerenga bokosi lopanda kanthu ngati ziro. Iye anapeza 30 pa 50 m'ntchito za m'kalasi, ndiye kuti 12 pa 20, ndi 18 pa 40 pa mayeso a pakati, ndiye kuti 13.5 pa 30. Tebulo linasonyeza 25.5 ndipo linamuika m'gulu la olephera, pamene munthuyo sanalembe n'komwe. Ziro ndi wa munthu amene analemba n'kulephera mafunso onse, kapena amene anajomba popanda chilolezo ngati malamulo a sukulu akutero, koma bokosi lopanda kanthu limangonena kuti zotsatira sizinakwane. Amene akufuna kudziwa mmene wophunzirayu wachitira kufikira pano ayenera kugawa 25.5 ndi malikisi 50 amene ayesedwa kale, osati ndi 100, ndipo adzapeza maperesenti 51.

Wophunzirayo anandilembera kufunsa kuti ayenera kupeza malikisi angati pa mayeso ake kuti akhoze. Kuwerengera kwake kumayenda chobwerera. Pa malikisi 50 okhozera ali kale ndi 25.5, choncho akuperewera 24.5, ndipo malikisi amenewa ayenera kuchokera pa 50 amene mayeso omaliza amapereka. Tikagawa 24.5 ndi 50 timapeza maperesenti 49, ndiye kuti malikisi 49 pa pepala la 100. Anafunsanso za malikisi 70, ndipo njira yomweyo inasonyeza kuti akuperewera 44.5, zimene zimafuna maperesenti 89. Ndinamuuzanso mosabisa kuti ngakhale atakhoza mafunso onse, sangapitirire 75.5, chifukwa malikisi 24.5 amene anataya m'magawo awiri oyambirira sabwereranso. Yankho la kuwerengera kotere likaposa maperesenti 100, ndiye kuti nambala imene munthu akuifunayo siitheka, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezo asanalowe m'chipinda cholembera.

Chimene chinatenga nthawi yaitali Lachisanu, pa msonkhano wounika zotsatira, chinali nkhani ya madesimali. Zotsatira zimaperekedwa mu nambala zathunthu, ndipo funso ndi lakuti nambala ya desimali iyandikizitsidwe ku nambala yathunthu pa nthawi iti. Panali wophunzira amene anapeza 34 pa 50, 21 pa 40 ndi 39 pa 100. Magawo ake anali 13.6, 15.75 ndi 19.5, ndipo pamodzi ndi 48.85, imene imayandikira 49. Mmodzi wa aphunzitsi, powerengera pa pepala, anayamba wasintha gawo lililonse palokha kukhala 14, 16 ndi 20, ndipo anapeza 50. Munthu mmodzi yemweyo, ndi mapepala omwewo, anakhoza pa njira ina n'kulephera pa njira ina.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti kuyandikizitsa kuchitike kamodzi kokha, kumapeto. Gawo lililonse likasinthidwa palokha lingathe kuonjezera kapena kuchotsa pafupifupi theka la malikisi, ndipo magawo atatu akapendekera mbali imodzi amasuntha zotsatira ndi malikisi oposa amodzi, monga zinachitikira apa. Choipa chake n'chakuti mwayi umenewu sugwera onse mofanana, pakuti wophunzira wina amene magawo ake ali ndi madesimali otsika angathe kutaya malikisi pa njira yomweyo, ngakhale atakhala kuti waposa mnzakeyo pa chiwonkhetso chenicheni. Ndimamvera chisoni munthu wotsala ndi malikisi amodzi, ndipo ngati bungwe loona za mayeso lili ndi lamulo loganizira anthu otsala pang'ono, lamulolo ligwiritsidwe ntchito poyera, zilembedwe kuti 49 yaganiziridwa, m'malo moibisa mkati mwa masamu. Msonkhano unagwirizana zimenezi, ndipo dzina la wophunzirayo linapita ku bungwelo ndi 49 yake.

Ndisanatumize tebulo lomaliza ndinasintha fomula kuti izichita zinthu ziwiri zimene zinativutitsa, kukana kuwonkhetsa pamene gawo lina likusowa ndi kuyandikizitsa kamodzi kumapeto:

```
=IF(COUNT(B2:D2)<3,"SANAMALIZE",ROUND(B2/50*20+C2/40*30+D2/100*50,0))
```

Ndinagwiritsa ntchito `ROUND` mwadala, chifukwa kungobisa madesimali pa maonekedwe a bokosi sikusintha nambala yeniyeni ili mkatimo. Wophunzira wa 49.6 angaoneke ngati ali ndi 50 pa sikirini, koma fomula ina yofufuza amene afika pa 50 n'kumuwerengabe ngati wolephera. Mzere wa wophunzira wongoyerekeza uja unatulutsa 100, wophunzira wodwala uja anaoneka kuti sanamalize, ndipo ndinawerengeranso pa pepala mayina onse amene anagwera pakati pa 47 ndi 52 ndisanasaine.